Siivii yangoti "masayansi", ife tikufuna wa Kemisitiri: tilembe uti?

"Ndine wapampando wa bodi ya sekondale ina yoyima payokha kuno ku Dedza. Tidalengeza kuti tikufuna mphunzitsi wa Kemisitiri wa Fomu 3 ndi 4, wokhala ndi dipuloma kapena digiri ya uphunzitsi, Kemisitiri likhale phunziro lake lalikulu, komanso akhale wolembetsa ku bungwe la aphunzitsi la TCM. Tasankhapo awiri. Woyamba ali ndi digiri ya uphunzitsi wa sayansi ya 2016, akuti waphunzitsa 'masayansi' zaka zisanu ndi zitatu ndipo ana ake onse adakhoza MSCE. Wachiwiri ali ndi digiri ya Kemisitiri ya 2021 koma pepala la uphunzitsi alibe, akuti akuchita kosi ya uphunzitsi ya UCE. Ahedi akufuna woyambayo, ine mtima uli pa wachiwiri. Sayansi ine sindidapite nayo patali. Tiweruze bwanji?" Mayi wa ku Dedza

Mayi, musadandaule kuti sayansi simuidziwa. Gawo lalikulu la ntchito imeneyi ndi kuwerenga mapepala mosamala ndi kuimba mafoni oyenera, ndipo zimenezo mungazithe bwinobwino. Kagawo kotsalako, kofuna munthu wodziwa Kemisitiri, mukhoza kubwereka mphunzitsi wa sukulu ina kwa m'mawa umodzi. Komanso inu ndi ahedi musayambe mwakokana, chifukwa pa mapepala amene ali patebulo panu pano, palibe ngakhale mmodzi mwa awiriwa amene wasonyeza kuti wakwanitsa zimene mudalengeza. Siivii ndi zimene munthu akunena za iye mwini. Umboni wake umakhala kwina, ndipo umenewo simunaufunse.

Yambani ndi chilengezo chanu chomwe. Muli zinthu zitatu zimene mudati n'zofunika: pepala la uphunzitsi, Kemisitiri ngati phunziro lalikulu, ndi kulembetsa ku TCM. Zitatuzi sizipatsidwa malikisi. Yankho lake ndi "inde" kapena "ayi", ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake. Apa ndi pamene makomiti ambiri amaterereka: amatenga zonse, zofunika ndi zongokometsera, n'kuziphatikiza pamodzi, kenaka zaka zambiri za ntchito kapena masatifiketi a maphunziro a masiku atatu zimakwirira chinthu chofunika chimene chikusowa. Tengani pepala, mulembe zitatuzo kumanzere, ndipo kutsogolo kwa chilichonse mulembe dzina la chikalata chimene mwachiona ndi maso anu. Pamene palibe chikalata, pasiyeni popanda kanthu ngakhale siivii itanena mokoma chotani.

Tiyambe ndi woyambayo, poti ndiye wovuta kumuwerenga. Mawu akuti digiri ya uphunzitsi wa sayansi amangotiuza khomo limene munthu adalowera, satiuza chipinda chimene adakhalamo. Ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Mzuni, ngakhalenso ku makoleji a aphunzitsi a sekondale a Domasi ndi Nalikule, wophunzira uphunzitsi wa sayansi satenga masayansi onse mpaka kumapeto. Amayamba ndi angapo, kenaka amatsala ndi awiri kapena limodzi loti azame nalo. Choncho anthu awiri akhoza kukhala ndi satifiketi yofanana ndendende, dzina la digiri limodzimodzi, chaka chimodzimodzi, koma wina ndi wa Bayoloje, wina wa Masamu ndi Fizikisi. Nthawi zambiri satifiketi yokongola ija, yopachika pakhoma, sinena zimenezi. Chimene chimanena ndi thiransikiripiti, chikalata chochokera ku ofesi ya rejisitirala chondandalika kosi iliyonse imene munthu adachita, chaka ndi chaka, pamodzi ndi malikisi ake. Popanda chikalata chimenechi simungathe kuyankha funso la phunziro lalikulu. Mufunseni abweretse.

Chikabwera, kuwerenga kwake n'kosavuta. Kosi iliyonse imakhala ndi nambala yake, zilembo kutsogolo, manambala pambuyo. M'mayunivesite ambiri za Kemisitiri zimayamba ndi CHE kapena CHEM, za Bayoloje BIO, za Fizikisi PHY, ndipo kawirikawiri nambala yoyamba imasonyeza chaka. Ngakhale zitapanda kutero, makosiwo amakhala atasanjidwa pansi pa chaka chake. Tengani pensulo, mudule mzere pansi pa kosi iliyonse ya Kemisitiri, ndipo muwerenge kuti zilipo zingati m'chaka chilichonse. Chaka choyamba chisakutengeni mtima, chifukwa pamenepo pafupifupi aliyense wa sayansi amalawako zonse. Maso anu akhale pa chaka chachitatu ndi chachinayi.

Tiyerekeze kuti mwapeza izi. Chaka choyamba, makosi awiri a Kemisitiri pakati pa a Bayoloje, Fizikisi ndi Masamu. Chaka chachiwiri, a Kemisitiri atatu, a Bayoloje anayi. Chaka chachitatu, wa Kemisitiri umodzi wokha, a Bayoloje asanu. Chaka chachinayi, Kemisitiri kulibiretu, Bayoloje yekhayekha ndi kafukufuku wake wa zomera. Ameneyu ndi mphunzitsi wa Bayoloje amene Kemisitiri ndi phunziro lake lachiwiri. Sananame. Adalemba "masayansi" ndipo n'zoona, koma si amene mudaitana. Mukapeza kuti Kemisitiri ikupitirira mpaka chaka chomaliza, ndipo muli nthambi zake zosiyanasiyana, monga Oganiki, Inoganiki, Fizikolo ndi Analitikolo, ndiye kuti munthuyo adazama nalodi phunziroli. Ya Analitikoloyo muiyang'ane mwapadera, chifukwa ndi imene imaphunzitsa kuyeza ndi kusakaniza mankhwala molondola, luso limene lidzafunike pokonzekera mayeso a mu labu.

Pali mizere ina iwiri yofunika kuifufuza pa chikalata chomwecho. Woyamba ndi kosi ya njira zophunzitsira. Aphunzitsi amaitcha methodoloje, ndipo kawirikawiri imatchula phunziro lake. Ngati yalembedwa kuti ndi ya kaphunzitsidwe ka Bayoloje, mwadziwa kumene adamukonzera. Wachiwiri ndi tiipii, nthawi ija wophunzira amatumizidwa ku sukulu kukaphunzitsa akuyang'aniridwa. Onani kuti ilipo ndipo adakhoza. Pomucheza mudzamufunse kuti pa tiipii adaphunzitsa phunziro lanji, kalasi yanji, ku sukulu iti. Yankho limeneli munthu saiwala.

Tsopano zaka zisanu ndi zitatu zija. Liwu lakuti "masayansi" likhoza kubisa zinthu zambiri, ndipo pali chifukwa chake cha m'mbiri ya maphunziro athu. Kale Fizikisi ndi Kemisitiri zinali phunziro limodzi, Fizikolo Sayansi, mpaka silabasi yatsopano ya sekondale imene idayamba ndi Fomu 1 mu 2015 idazigawa pawiri. Munthu amene adayamba ntchito mu 2016 adapeza makalasi akuluakulu adakali pa silabasi yakale. N'kutheka kuti zaka zake zoyambirira adaphunzitsa Fizikolo Sayansi, ndipo aphunzitsi ambiri a phunziro limenelo ankalimba mbali imodzi, ina n'kumangoidutsa mothamanga kapena kugawana ndi mnzawo. Kuwonjezera apo, sukulu zathu zimasowa aphunzitsi a sayansi, motero mphunzitsi wa Bayoloje amapatsidwa Kemisitiri wa Fomu 1 kuti atseke mpata. Zimenezo n'zosiyana kwambiri ndi kutenga kalasi kuchoka Fomu 3 mpaka kulemba MSCE. Choncho musafunse kuti "mwaphunzitsa zaka zingati?" Mupempheni alembe pa pepala, chaka ndi chaka: sukulu, phunziro, fomu, ndi mapiriyodi angati pa sabata. Zaka zisanu ndi zitatu zikhoza kutsika kukhala ziwiri zokha za Kemisitiri wa makalasi a mayeso, kapena zikhoza kutuluka zisanu ndi chimodzi zolimba. Zonse ziwiri zimachitika.

Nkhani yoti ana onse adakhoza imafunanso mafunso ake. Adakhoza phunziro liti, chaka chiti, ndipo adalemba ana angati? Kemisitiri salemba aliyense. Pa sukulu zina amalemba ana khumi okha osankhidwa, ndipo khumiwo kukhoza onse si chinthu chimodzi ndi kukhozetsa kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi. Ndiponso kukhoza kuli ndi misinkhu yake. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndi kulephera. Kalasi yonse ikhoza kupeza 7 ndi 8 n'kutchedwa kuti yakhoza yonse, koma mwana wa 8 mu Kemisitiri sapita naye patali akafuna unamwino kapena udokotala. Funsani kuti adapeza makirediti angati. Sukulu iliyonse imalandira ndandanda wa zotsatira kuchokera ku MANEB, ndiye ahedi a kumene adachokera akhoza kutsimikizira manambalawo ngati alidi oona.

Wachiwiri uja nkhani yake ndi yaifupi, ngakhale ndikudziwa kuti ikupwetekani. Pa phunziro lalikulu mwina wadutsa mosavuta, bola thiransikiripiti yake ivomereze. Pa pepala la uphunzitsi sadadutse. UCE ndi satifiketi imene yunivesite imapereka kwa munthu amene ali ndi digiri ya phunziro lina kuti akhale mphunzitsi wophunzitsidwa ntchito. Njirayi ndi yabwino ndipo yatulutsa aphunzitsi amphamvu. Koma "ndikuchita" ndi "ndili nayo" ndi zinthu ziwiri. Mpempheni kalata yochokera ku yunivesiteyo yosonyeza kuti adalembetsadi, adayamba liti, adzamaliza liti, ndiponso ngati tiipii wachita kale. Ena amalemba kuti akuchita pamene angotumiza kalata yofunsira malo. Ena adayambadi, koma adaima pakati chifukwa cha fizi. Ndipo musaone ngati pepala la uphunzitsi ndi mwambo chabe. Munthu wodziwa Kemisitiri kwambiri koma wosaphunzitsidwa kuphunzitsa amagwa m'mavuto odziwika: amathamanga, amalankhula ndi bolodi, amaphunzitsa ngati ali ku koleji, sadziwa kugawa silabasi m'masikimu a teremu, ndipo mafunso ake a mayeso sagwirizana ndi kafunsidwe ka MANEB. Ana anzeru asanu akutsogolo amamukonda, ena onse amasiya phunzirolo pofika teremu yachiwiri.

Kulembetsa ku TCM kukhudza onse awiri. Bungweli lidakhazikitsidwa pansi pa lamulo la zamaphunziro la 2013 kuti lizilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, a sukulu za boma ndi zoyima pazokha zomwe. Mawu akuti "ndine wolembetsa" pa siivii musawalandire okha. Funsani nambala yolembetsera ndi chikalata chake, onani dzina ngati likufanana ndi la pa chitupa cha unzika, ndipo ngati pali deti lothera, onani ngati silidapitirire. Lisiti la kubanki limangosonyeza kuti munthu adalipira, silisonyeza kuti adavomerezedwa. Mukakayika, funsani ku bungwelo mwachindunji, ndipo wachiwiri uja mumufunsire komweko kuti munthu wa digiri yopanda uphunzitsi amamuika m'gulu lanji. Kumbukiraninso kuti chiphaso chimenechi chimati munthuyu ndi mphunzitsi. Funso loti ndi wa Kemisitiri limayankhidwa ndi thiransikiripiti basi.

Popeza mudzalengezanso malo ena mtsogolo, dziwani kusiyanitsa mapepala a uphunzitsi. Satifiketi ya ku TTC, imene ambiri amaitcha T2, ndi ya kupulayimale. Pali aphunzitsi ambiri akhama amene ali ndi pepala limeneli ndipo aphunzitsa zaka zambiri m'masekondale a CDSS chifukwa cha kusowa kwa aphunzitsi, koma pa chilengezo chofuna dipuloma kapena digiri, T2 yokha siikwana pokhapokha ngati adapitiriza maphunziro. Masatifiketi a SMASSE, maphunziro a aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndi a misonkhano ina ya aphunzitsi amasonyeza kuti munthu adapezekapo pa maphunziro owonjezera. N'zabwino, koma ngakhale atakhala khumi sapanga dipuloma.

Mapepala onsewa muwaone enieni, osati mafotokope okha. Fotokope yodindidwa ndi loya kapena kupolisi imathandiza posankha koyamba, koma tsiku la intaviyu aliyense abwere ndi oyambirira, inu mufananitse ndi makope amene adatumiza. Yang'anani dzina pa MSCE, pa digiri, pa thiransikiripiti ndi pa chitupa cha unzika. Mayina amasinthadi, makamaka kwa amayi okwatiwa, ndipo ena adalemba mayeso ndi dzina la amalume awo amene ankawalipirira. Si mlandu, koma payenera kukhala chikalata cholumbirira chofotokoza kusinthako. Kenaka werengerani zaka. Digiri imatenga zaka zinayi, ndiye wa digiri ya 2016 MSCE yake iyenera kukhala ya 2012 kapena kumbuyo kwake. Mukapeza MSCE ya 2014 ndi digiri ya 2016, funsani. Mwina adabwereza mayeso kuti akonze magiredi, mwina pali china. Onaninso ngati pali zaka zimene akuti anali pa sukulu ziwiri zotalikirana nthawi imodzi, kapena chaka chimene sichikuoneka paliponse. Chaka chosowa chikhoza kukhala matenda, uchembere kapena kusowa ntchito, koma chikhozanso kukhala nthawi imene adaimitsidwa. Mufunseni mwaulemu, adzifotokozere yekha.

Maso okha sakwanira kugwira pepala lachinyengo, chifukwa makina a masiku ano amasindikiza bwino kwambiri. Zizindikiro zina zimaonekabe: zilembo za dzina zosiyana kukula ndi zinzake, malo ofufutidwa, chidindo chooneka kuti chidasindikizidwa pamodzi ndi pepala, kapena dzina la sukulu losagwirizana ndi chaka. Mwachitsanzo, mayina a MUBAS ndi KUHeS adayamba kugwira ntchito mu 2021 pamene yunivesite ya Malawi idagawidwa, ndiye digiri ya 2016 singakhale ndi mayina amenewa. Koma njira yodalirika ndi kulembera amene adapereka pepalalo. Za digiri ndi dipuloma, lemberani rejisitirala wa kolejiyo, muike kope ya satifiketi ndi nambala ya wophunzirayo. Za MSCE ndi za ku TTC, funsani ku MANEB ku Zomba. Ngati pepala lidachokera kunja kwa dziko, kapena ku koleji imene simunaimvepo, funsani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ngati kolejiyo ndi kosiyo n'zovomerezeka. Muzifunsa za kosiyo payokha, chifukwa koleji ikhoza kukhala yovomerezeka pamene kosi ina mkati mwake sinavomerezedwe. Mayankho amachedwa, motero tumizani makalatawa sabata ino, musadikire tsiku la intaviyu.

Za anthu ochitira umboni, pano ndikupemphani kuti mulimbe mtima. Nambala ya foni imene ili pa siivii ikhoza kukhala ya ahedi enieni, ikhozanso kukhala ya mnzake wapamtima. Pezani nambala ya sukuluyo mwa njira yanu, kudzera ku ofesi ya maphunziro kapena kwa ahedi anzawo, ndipo muuzeni wofunsira ntchitoyo kuti mutero. Ngati adakali pa ntchito ndipo mabwana ake sakudziwa kuti akufuna kuchoka, gwirizanani naye nthawi yoimbira kuti musamuwonongere kumene ali. Mukaimba, pewani funso lakuti "ndi munthu wabwino?" chifukwa Mmalawi aliyense adzati inde. Funsani zinthu zogwirika. Ankaphunzitsa phunziro lanji ndi mafomu ati? Ndani ankakonza mankhwala a mayeso a mu labu, iyeyo kapena mnzake? Ankamaliza silabasi? Adachoka bwanji? Mutakhala ndi malo mungamulembenso? Ndipo funso limene anthu amachita nalo manyazi mulifunse ndithu: kodi padakhalapo dandaulo lokhudza khalidwe lake ndi ophunzira, makamaka atsikana? Mphunzitsi wochotsedwa mwakachetechete pa sukulu ina amakatulukira pa ina chifukwa palibe adafunsa. Yankho likachedwa, kapena munthu akayamba kuzungulira, imbiraninso sukulu ina imene adaphunzitsako. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu muipemphenso, ngakhale imangogwira nkhani zimene zidafika kupolisi. Kwa woyambayo, fufuzaninso ngati sali pa ntchito ya boma, chifukwa mphunzitsi wa malo awiri amakusiyirani kalasi pa nthawi imene mukumufuna kwambiri.

Mapepala akatha, muoneni akuphunzitsa. Apa ndi pamene mubwereke mphunzitsi wa Kemisitiri wodziwika bwino wa sukulu ina, wosakhala mnzake wa aliyense mwa awiriwa. Apatseni onse mutu umodzi, kalasi yofanana ya Fomu 3, piriyodi imodzi ya mphindi 40, ndipo muwauze mutuwo tsiku limodzi kapena awiri zisanachitike. Musawalole kusankha okha, chifukwa aliyense ali ndi phunziro limodzi limene adaliloweza. Mutu wabwino ndi wa mamolo, muyezo wowerengera kuchuluka kwa mankhwala mu Kemisitiri, chifukwa ndi pamene ana ambiri amatayikira ndipo wosazama nawo amaonekera msanga. Inu amene simudziwa sayansi muyang'ane ana. Kodi akufunsidwa ndani, akutsogolo okha kapena ndi akumbuyo omwe? Mwana akalakwa, mphunzitsi akufufuza pamene wasokonekera, kapena akungopereka yankho n'kupitirira? Pa mphindi zisanu zomaliza, katswiri wanu apereke funso limodzi kwa kalasi yonse, muwerenge amene akhoza.

Kenaka alowe mu labu mmodzimmodzi, chifukwa MSCE ya Kemisitiri ili ndi pepala la zochitachita, ndipo mphunzitsi wa phunzirolo ndiye amayembekezeka kukonza zipangizo ndi mankhwala. Ntchito yosavuta yoyesera ndi iyi: akonze 250 cm³ ya madzi a mankhwala a NaOH ya mphamvu ya 0.1 M. Wodziwa amawerengera mosazengereza: 0.1 × 0.25 × 40 = 1, kutanthauza galamu imodzi ya NaOH, popeza 250 cm³ ndi 0.25 dm³ ndipo molo imodzi ya NaOH imalemera magalamu 40. Amaiyeza pa sikelo mofulumira chifukwa imakoka chinyezi mumpweya, amaisungunula m'madzi pang'ono mu bika, amathira mu fulasiki ya khosi lalitali ya 250 cm³, amatsukuluza bikayo n'kuthira momwemo, kenaka amawonjezera madzi mpaka pa mzere, diso lili pa msinkhu wa mzerewo. Wosazolowera amathira madzi 250 cm³ poyamba kenaka n'kuponyamo mankhwala, kapena amaiwala kusintha ma cm³ kukhala ma dm³ n'kupeza magalamu 1,000. Mukafuna kupitiriza, achite taitireshoni, njira yoyezera mphamvu ya asidi: 25 cm³ ya NaOH yomweyo, madontho awiri kapena atatu a fenofuthalini, asidi wa HCl mu byureti. Madziwo amayamba ali a pinki ndipo mtunduwo umazimirira asidi akakwana. Ngati pafunika 20 cm³ ya asidi, mphamvu yake ndi 0.1 × 25 ÷ 20 = 0.125 M. Pomaliza mufunseni mmene amasungunulira asidi wamphamvu. Yankho lolondola ndi limodzi: asidi ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi, chifukwa kutentha kumene kumatuluka kukhoza kumwaza asidiyo kumaso. Wolakwa funso limeneli musamupatse makiyi a labu.

Malikisi mupereke kwa okhawo amene adutsa zitatu zofunika zija. Mukhoza kugawa motere pa 100: kuzama kwa Kemisitiri pa thiransikiripiti 25, zaka zotsimikizika za Fomu 3 ndi 4 zikhale 20, kuphunzitsa m'kalasi 25, labu 20, umboni wa kumene adachokera 10. Manambalawa mukhoza kuwasintha, chachikulu n'chakuti mugwirizane musanaone anthuwo, ndipo aliyense wa m'komiti alembe malikisi ake payekha musanakambirane. Mukayamba ndi kukambirana, onse amatsatira amene ali ndi mawu aakulu.

Ndiye zitha bwanji? Ngati thiransikiripiti ya woyambayo ionetsa Kemisitiri mpaka chaka chachinayi, chiphaso cha TCM chili bwino, ndipo m'kalasi ndi mu labu wachita bwino, ahedi alondola ndipo mumulembe ameneyo. Wachiwiri sangapikisane naye pa chilengezo chimenechi ngakhale atakhala wanzeru chotani. Ngati itulukira kuti ndi wa Bayoloje, ndiye kuti onse awiri sadakwanitse, ndipo bodi ikhale pansi. Njira yoyera ndi kulengezanso. Mukaona kuti anthu a Kemisitiri akusowa ndipo mukufuna kufewetsa, lembani chilengezo chatsopano chonena poyera kuti mulandiranso amene Kemisitiri ndi phunziro lawo lachiwiri kapena amene akumaliza UCE. Chifukwa chake n'chakuti pali anthu ena amene sadafunsire, kapena amene mudawataya koyambirira, pa zifukwa zomwezo zimene mukufuna kukhululukira awiriwa. Kufewetsera munthu mmodzi mwakachetechete ndi kumene kumabala mphekesera za kukondera, ndipo makolo akamva zimavuta kuzizimitsa.

Ngati Fomu 4 ili pafupi ndi mayeso ndipo simungadikire, mukhoza kutenga mmodzi pa kontirakiti ya nthawi yochepa, teremu imodzi kapena ziwiri, uku mukufunafuna. Pamenepo ine ndingasankhe amene wachita bwino mu labu ndi pa mamolo, chifukwa kalasi ya mayeso ikufuna munthu wodziwa zinthuzo lero. Akakhala wachiwiri uja, yambani mwamva kaye ku TCM ndi ku ofesi ya maphunziro ya divishoni yanu ngati n'zololedwa kuti aime m'kalasi, mumuike pansi pa mkulu wa dipatimenti ya sayansi woti aziona masikimu ake ndi kukhala nawo m'kalasi kamodzi pa sabata, ndipo kontirakiti itchule deti limene ayenera kubweretsa UCE yake.

Aliyense amene mumulembe, kalata yake inene kuti ntchitoyo yaperekedwa podalira kuti mapepala atsimikizidwa, ndipo pakapezeka chinyengo idzatha. Ikanimo nthawi yoyeserera. Lamulo la zantchito la 2000 silola kuti ipitirire miyezi khumi ndi iwiri, ndipo kwa mphunzitsi materemu awiri amakwana kuti muone masikimu, makope a ana ndi zotsatira za mayeso a teremu. Musasunge masatifiketi ake enieni mu ofesi ngati chikole. Jambulani makope, mumubwezere zake tsiku lomwelo. Pa kalembedwe ka kontirakiti, ofesi ya leba ya m'boma lanu ikuthandizani. Ndipo koleji kapena MANEB ikakuyankhani kuti pepala si lawo, musamuitane munthuyo kuti mukambirane panokha, ndiponso musangomubweza mwakachetechete kuti akayese sukulu ina. Sungani makope ndi kalata ya yankholo, mudziwitse TCM ndi ofesi ya divishoni, ndipo nkhaniyo muipereke kupolisi.